Malata angati? Werengani denga musanapite ku hadiweya

Mvula ikayandikira, m'malo amene anthu akumanga kwambiri monga ku Chinsapo, ku Machinjiri kapena ku Chibavi, simulephera kuona nyumba imene denga lake lakhomedwa bwinobwino koma chakumapeto kwatsala mpata, matabwa ali pamtetete. Mukafunsa, mwini nyumba amati kalipentala adamuuza nambala yolakwika. Kalipentala naye amati iye adanena zoona, koma bwana adachotserako ataona mtengo. Nthawi zambiri onse awiri adawerengadi, kungoti adawerenga chinthu cholakwika. Adatenga kukula kwa nyumba n'kugawa ndi kukula kwa lata, poganiza kuti lata limafunda malo ofanana ndi thupi lake lonse.

Silitero ayi. Lata lililonse limabisa mbali yake imodzi pansi pa linzake, ndipo likakhala lalifupi limabisanso mutu wake pansi pa lata la kumtunda, monga amakhalira mamba a chambo. Chachiwiri, denga limatsetsereka, choncho ndi lalitali kuposa pansi pamene likufunda. Chachitatu, denga silithera pakhoma. Limatulukira kunja mbali zonse kuti mvula isamenye njerwa. Zinthu zitatuzi palokhapalokha zimaoneka zazing'ono, koma zikakumana zimatha kukweza chiwerengero cha malata mpaka pafupifupi kuwirikiza kawiri.

Kuti nkhani isayandame, titenge nyumba imodzi n'kuyenda nayo mpaka kumapeto. Ndi ya mamita 9.6 m'litali ndi mamita 7.2 m'lifupi, kuyeza kunja kwa makoma. Denga lake ndi la gebulo, lotsetserekera mbali ziwiri, kumaso ndi kuseri. Mwini wake akufuna malata wamba a mizere, a mafiti 8, omwe lililonse akaliyeza ndi tepi likupezeka masentimita 80 m'lifupi.

Kuwerenga kwa changu kumayenda chonchi: 9.6 kuchulukitsa ndi 7.2 zikupereka masikweyamita 69. Lata la mafiti 8 ndi mamita 2.44, ndipo kuchulukitsa ndi 0.8 tikupeza masikweyamita 1.95. Kugawa 69 ndi 1.95 yankho ndi 35 ndi kanthu, ndiye munthu amagula 36, mwina 40 kuti akhale ndi apadera, n'kumadziona wochenjera. Nambala imeneyi muisunge. Nyumbayi ikufuna malata 64, ndipo tiona komwe 28 enawo akuchokera.

Denga saliwerenga ndi masikweyamita. Mafunso ake ndi awiri okha: malata angati ayalidwe moyandikana kuchokera kugebulo ina kufika kuinzake, ndipo malata angati alumikizane kuchokera kukhonde kukafika pansonga. Mayankho awiriwa ndi amene timachulukitsa.

M'lifupi mwenimweni mwa lata

Tiyambe ndi mbali. Malata wamba ali ndi misana ndi ngalande zosinthana, ndipo kuchokera pamsana wina kufika pamsana wotsatira pamakhala pafupifupi mamilimita 76, omwe ndi mainchesi atatu. Poyala, lata lachiwiri limakwera pa loyamba, ndipo mizere iyenera kulowana. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira: simungasankhe kusanjikiza masentimita amene mwafuna. Lata limangokhala pansi bwino mizere ikalowana, ndiye malo amene lata limodzi limafunda amayenda modumpha ndi mamilimita 76. Ndi chifukwa chake nambala zimene mumamva kwa ogulitsa zimakhala 610, 686 kapena 762. Ndi mizere isanu ndi itatu, isanu ndi inayi, kapena khumi.

Lata lathu la masentimita 80 lili ndi mizere khumi ndi theka. Mukalisanjikiza theka la mzere, lifunda masentimita 76.2. Mukalisanjikiza mzere umodzi ndi theka, masentimita 11.4 alowa pansi ndipo otsala ndi 68.6. Kusiyana kwake pa lata limodzi ndi kochepa, kosafika kutambalala kwa chikhatho, koma pa malata khumi mwataya kale lata lathunthu.

Nanga bwanji osangosanjikiza pang'ono kuti malata achepe? Amisiri ena amaterodi, makamaka bwana akakhala kuti wapereka malata osakwana, ndipo nyumbayo imaoneka bwino mpaka mvula yamkuntho yoyamba. Madzi akadzaza ngalande, mphepo imawakankhira cham'mbali. Akapeza msana umodzi wokha wowatchinga, amaudumpha n'kugwera mkati. Pa mzere umodzi ndi theka, mphepete mwa lata la pamwamba mumayang'ana pansi, mphepete mwa la pansi mumayang'ana kumwamba, ndipo madzi olowa amapeza ngalande ina yowatsitsira kukhonde asanafike pothera lata. Denga lomanidwa lapu ya m'mbali limadziulula lokha: masana mukalowa m'nyumba yopanda siling'i n'kutseka zitseko, mumaona timizere ta kuwala totsika kuchokera pansonga, ndipo kudontha kwake kumatsata timizere timeneto. Ine ndimati mzere umodzi ndi theka, pokhapokha ngati wopanga malatawo adawapinda mwapadera n'kulemba yekha malo amene amafunda.

Musakhulupirire nambala ya pakamwa. Malata a pamsika sakhala ofanana onse. Ena ndi opapatiza, ena mizere yake ndi yosaya. Muli ku hadiweya komweko, pemphani malata awiri, muwayale pansi mosanjikiza mmene adzakhalire padenga, ndipo muyeze kuchokera mphepete ya kumanzere ya loyamba kufika mphepete ya kumanzere ya lachiwiri. Nambala imeneyo ndiyo yogawira. Wogulitsa wa nzeru sakana, ndipo ntchito yake sitenga mphindi zisanu.

Tsopano utali wa denga. Makoma ndi mamita 9.6, koma kugebulo iliyonse mapalini, matabwa opingasa aja amene malata amakhomedwapo, amatulukira kunja. Tinene kuti atulukira masentimita 45 uku ndi uku. Utali wa denga ukhala mamita 10.5. Kugawa 10.5 ndi 0.686 tikupeza 15.3. Lata la 0.3 sagulitsa, ndiye ndi malata 16 pa mndandanda uliwonse. Mukadagawa ndi 0.8, mukadapeza 13 ndi kanthu, ndipo mpata wa pamtetete uja umayambira pamenepo.

Pa 0.3 wotsalayo m'pofunika kuimapo, chifukwa pali ndalama. Lata lomaliza silikweredwa ndi linzake, choncho limapereka masentimita ake onse 80. Malata 15 ndiye kuti afunda 14 kuchulukitsa ndi 0.686, kuonjezapo 0.8, zomwe ndi mamita 10.4. Taperewera masentimita 10 okha. Chifukwa cha masentimita 10 amenewo mugula lata lathunthu pa mndandanda uliwonse, n'kulicheka kapena kulilowetsa kwambiri pansi pa linzake. Mukanena msanga, kalipentala asanadule mapalini, kuti kugebulo atulutse masentimita 38 m'malo mwa 45, denga likhala mamita 10.36 ndipo malata 15 akwana, n'kutsalako pang'ono. Palibe amene angaone kusiyanako ali pansi. Koma izi zimatheka pokhapokha ngati mwayeza malata enieniwo, chifukwa malo opumira atsala masentimita anayi okha. Ngati matabwa adadulidwa kale, gulani 16 basi. M'chitsanzo chathu tikhala ndi 16.

Kuchokera kukhonde kufika pansonga

Funso lachiwiri ndi lovutirapo chifukwa tepi ya pansi siliyankha. Theka la m'lifupi mwa nyumba ndi mamita 3.6. Koma lata siligona chafulati pa mamita 3.6 amenewo, limakwera. Tinene kuti nsonga ya denga yakwera mamita 1.5 kuchokera pamwamba pa khoma, komwe ndi kutsetsereka kwa pafupifupi madigiri 23. Utali wa phaso timaupeza ndi lamulo la Pythagoras limene ambiri tidalisiya kusekondale:

3.6 × 3.6 = 12.96
1.5 × 1.5 = 2.25
12.96 + 2.25 = 15.21
√15.21 = 3.9

Phaso kuchokera pakhoma kufika pansonga ndi mamita 3.9. Amene masamuwa akumuzunguza mutu asavutike. Pabwalo losalala akhome chikhomo, ayeze mamita 3.6 mbali ina ndi mamita 1.5 mbali inayo pa kona yowongoka ngati ya nyumba, kenako akoke chingwe pakati pa nsonga ziwirizo n'kuchiyeza. Apeza 3.9 yemweyo.

Kenako khonde. Pa nyumba zathu zambiri, zomangidwa ndi njerwa ndi dothi kapena za pulasitala wochepa simenti, denga lotulukira bwino ndilo limasunga khoma. Likafupika, madzi ochokera padenga amagwera patsinde pa khoma n'kumathovukira m'mwamba, ndipo pakapita nyengo zingapo mumaona njerwa za m'munsi zitadyeka. Likatalikitsa popanda chochirikiza, mphepo imapeza pogwira n'kulizula. Masentimita 60 ndi muyeso umene amisiri ambiri amautsata pa nyumba yogona. Koma mvetsetsanani ndi kalipentala kuti 60 ameneyo akuyezedwa bwanji. Ngati ndi mowongoka kuchokera pakhoma, monga mmene mthunzi ungagwere dzuwa lili pamutu, ndiye potsata kutsetsereka akhala masentimita 65, chifukwa pa denga ili mamita 3.6 alionse a pansi ndi 3.9 pamwamba. Phaso lonse lafika mamita 4.55.

Lata silithera pa thabwa lomaliza ndendende. Liyenera kupitirira feshabodi ndi masentimita pafupifupi 5 kuti madzi adonthere kutali ndi thabwalo, kapena agwere mu gatala ngati ilipo. Musapitirire kwambiri, chifukwa mlomo wa lata wolendewera wopanda thabwa pansi umagwedezeka ndi mphepo mpaka kukulitsa mabowo a misomali. Tikaonjeza 5 ameneyu, utali wofunika kufundidwa ndi mamita 4.6. Pansonga malata a mbali ziwiri sagundana. Amasiya kampata kamene riji imadzafunda. Kampata kameneko musakachotsere pa chiwerengero, kakhale kopumira.

Taonani pomwe tafika. Munthu wa tepi ya pansi anali ndi 3.6, ife tili ndi 4.6. Mita yathunthu yaonjezeka mbali iliyonse, tisanakambe za kulumikiza.

Malata awiri akalumikizana

Malata a ku hadiweya amagulitsidwa m'mafiti, pamene mapulani ndi matepi ambiri amalankhula m'mamita. Fiti imodzi ndi masentimita 30.48. Choncho lata la mafiti 6 ndi mamita 1.83, la 7 ndi 2.13, la 8 ndi 2.44, la 10 ndi 3.05, la 12 ndi 3.66. Mamita athu 4.6 ndi mafiti 15 ndi kachidutswa.

Msampha uli apa. Munthu akamva mafiti 15, amati ndigula la 8 ndi la 7, zatha. Kuphatikiza awiriwa ndi mamita 4.57, kutanthauza kuti ngakhale mutangowagunditsa mitu osasanjikiza, aperewera kale. Koma lata la kumtunda liyenera kukwera pa la kumunsi ndi masentimita osachepera 15 pa denga lotsetsereka bwino ngati ili. Chotsani 15, atsala mamita 4.42. Mwaperewera masentimita 18, ndipo kalipentala adzawapeza powaba kwinakwake: adzafupikitsa khonde, kapena adzachepetsa lapu mpaka zala zitatu, kapena adzasiya mpata waukulu pansonga umene riji singathe kufunda. Zonsezi mudzazidziwa mu Januwale.

Lamulo lake n'losavuta: phatikizani utali wa malata, chotsani lapu iliyonse, ndipo chotsalacho chisachepere utali wa denga. Awiri a mafiti 8 ndi mamita 4.88. Kuchotsa 4.6, tikupeza kuti asanjikizana masentimita 28. Ndi ochuluka kuposa 15, ndipo palibe vuto, musacheke, ingolowetsani. La 10 ndi la 6 akupereka chimodzimodzi.

Chifukwa chiyani lapu imeneyi imafunika kutalika? Madzi amatsika, inde, koma pakati pa malata awiri ogundana pamakhala kampata kopyapyala kamene madzi amatha kukweramo okha, ndipo mphepo ikamaomba chokwera denga imawakankha. Denga likakhala loimirira, madzi amathamanga ndipo sapeza nthawi. Likakhala logona, amachedwa, amadzaza ngalande, n'kubwerera m'mbuyo. Choncho denga lotsika pansi pa madigiri 15 limafuna lapu ya masentimita 20 mpaka 25, ndipo ena amaikapo phula kapena tepi yomatira pakati. Pa madenga ogona kwambiri aja obisika kuseri kwa khoma, amene atchuka masiku ano m'matauni, nzeru ndi kupewa kulumikiza n'komwe, ndipo malata wamba a mizere si oyenera pamenepo. Kudontha kwa lapu ya kumapeto n'kosavuta kukuzindikira. Madontho a pa siling'i amafola mopingasa nyumba, pamalo amodzimodzi pakati pa denga, ndipo dzimbiri limayambira pa mlomo wa lata la kumtunda.

Pali chinthu china chimene chimagwirizanitsa kugula malata ndi kukhoma matabwa. Polumikizana malata payenera kukhala palini pansi pake, kuti msomali umodzi ubowole malata onse awiri n'kulowa m'thabwa. Pa malata awiri a mafiti 8, la kumunsi lithera pa mamita 2.44 kuchokera pa mlomo wake, ndipo la kumtunda liyambira pa 2.16. Palini iyenera kugwera pakati pa nambala ziwirizi, cha pa 2.3. Mukasintha maganizo n'kugula a 10 ndi a 6, malo olumikizira asamukira pakati pa 2.77 ndi 3.05, ndipo palini ya pa 2.3 ija sikuthandizaninso. Ndi chifukwa chake utali wa malata umasankhidwa mapalini asanakhomedwe. Ngati akhomedwa kale, kwerani ndi tepi, muone pomwe ali, ndipo mugule malata otsata matabwawo. Lapu yolendewera pakati pa mapalini awiri imayasama munthu akangopondapo, ndipo sitsekekanso.

Tiphatikize tsopano. Malata 16 pa mndandanda, mindandanda iwiri mbali iliyonse, mbali ziwiri. Ndi 16 kuchulukitsa ndi 2, kuchulukitsanso ndi 2: malata 64 a mafiti 8. Mukadachepetsa kotulukira kwa kugebulo kuja, akadakhala 60. Mukagula a 10 ndi a 6, ndi 32 a mtundu uliwonse, ndipo pa pepala lopita nalo ku hadiweya mulembe motero, osati kungoti 64.

Onjezani awiri apadera. Lina limapindika pagalimoto, lina limabowoledwa polakwika. Chifukwa chachikulu chogulira apaderawo nthawi imodzi n'chakuti mukadzabwerera patapita mwezi mutha kupeza a kampani ina, ndipo mizere ya makampani awiri nthawi zina silowana bwino ngakhale onse akutchedwa dzina limodzi. Pa malata a mtundu, ngakhale utoto umasiyanako. Geji nayo ikhale imodzi. Kumbukirani kuti nambala ya geji ikakwera lata limapyapyala: la 28 ndi lochindikala kuposa la 30, ndipo la 32 ndi lopyapyala kuposa onsewo. Malata opyapyala amaphwatalala akapondedwa kapena akakhomedwa mwamphamvu, ndiye mndandanda umatha kukula pang'onopang'ono, m'munsi mosiyana ndi m'mwamba. Mmisiri wosamala amakoka chingwe kukhonde ndipo pakapita malata anayi kapena asanu amayezanso mtunda wotsala, pansi ndi pamwamba.

Mariji amawerengedwa mofanana. Ngati a kwanuko ndi a mafiti 6, chotsani masentimita 15 a lapu, iliyonse ifunda mamita 1.68. Pa mamita 10.5 mufuna 7.

Lata limodzi lalitali

Njira ina ndi kuitanitsa malata odulidwa pa muyeso wanu kwa makampani amene amapinda okha. Ambiri amatero ndi malata a IBR, aja a misana yamakona, amene amafunda mamilimita 686 ndipo lapu yake ya m'mbali ndi msana umodzi wopangidwiratu. Pa nyumba yathu chiwerengero cha m'mbali sichisintha kwenikweni: 10.5 kugawa ndi 0.686 ndi 15.3, ndiye 16. Koma lililonse likhala la mamita 4.6, kuchokera pansonga mpaka kukhonde popanda cholumikiza. Ndi malata 32, ndipo onse pamodzi ndi mamita 147. Malata 64 a mafiti 8 aja ndi mamita 156. Mamita 9 osiyanawo ndi amene amabisala mu lapu.

Ubwino wake ndi woonekeratu, malo amodzi odonthera achotsedwa. Zovuta zake ndi ziwiri. Lata la mamita 4.6 silikwera pa ngolo kapena pa kagalimoto kakang'ono popanda kupindika, ndiye za mayendedwe muziwerengeretu. Chachiwiri, lata lodulidwa pa muyeso silibwezedwa, ndipo likafupika ndi masentimita 10 palibe polikokera. Choncho muyeso wotumiza kufakitale usachokere pa pulani. Dikirani mathirasi aimikidwe, mapalini ndi feshabodi zikhomedwe, kenako wina akwere ndi tepi ayeze kuchokera pansonga kufika pa feshabodi, kugebulo zonse ziwiri ndi pakati, mbali zonse ziwiri za denga. Nyumba zambiri zimasiyana ndi pulani yake. Womanga amaonjeza mzere wa njerwa, kalipentala amakweza nsonga kuti nyumba ioneke bwino, ndipo kumaso kumatha kutalika kuposa kuseri. Mukapeza nambala zosiyana pang'ono, tengani yaikulu.

Muli pamwamba pomwepo, yezaninso mopingasa, kuchokera pa kona ya m'munsi kumanzere kufika pa kona ya pamwamba kumanja, kenako mosemphanitsa. Miyeso iwiriyi ikafanana, mbali ya dengayo ndi yowongoka. Ikasiyana kwambiri, dengalo ndi lopotoka, ndipo malata akamayalidwa milomo yake imatuluka ngati masitepe kukhonde, kapena lomaliza limafunda pansi n'kuperewera pamwamba. Denga lotere ndi limene limadya malo opumira aja, ndipo pamenepo musayerekeze kudalira malata 15.

Denga la mbali zinayi

Zonse takambazi ndi za denga la gebulo, limene mbali zake ndi zamakona anayi owongoka. Denga la hipu, lotsetserekera mbali zonse zinayi, lili ndi nkhani yake. Kutsetsereka kukakhala kofanana mbali zonse, kukula kwa denga lonse sikusiyana ndi kwa gebulo pa nyumba yomweyo, koma malata amapita ambiri chifukwa cha kucheka. Mbali ziwiri zazifupi zimakhala za makona atatu, zazitali zimapapatiza chakumtunda, ndipo lata lililonse lofika pa mzere wa hipu limadulidwa chopendekera. Zidutswa zina zimalowa kwina, zina zimangotsala, makamaka pa IBR pamene lata lili ndi mbali yokwera ndi mbali yokweredwa ndipo simungangolitembenuza mmene mwafunira.

Apa palibe chidule choposa kujambula. Tengani pepala la timabokosi, jambulani mbali iliyonse ya denga payokha pa muyeso wake wa potsetsereka, kenako lembani mizere yotsika motalikirana mamita 0.686. Danga lililonse ndi lata, ndipo utali wake ndi wa mbali yaitali ya dangalo, osati ya pakati. Mukatero muona nokha kuti kumakona kukufunika malata aafupi, ndipo mutha kugula a mafiti 6 m'malo mocheka a 10. Mariji nawo achuluka, chifukwa kuonjezera pansonga pali mizere inayi ya hipu yofunika kufundidwa. Denga lokhala ndi mavale, pomwe madenga awiri amakumana n'kupanga ngalande, limataya kwambiri kuposa pamenepa, ndipo amene akusankha pulani ya madenga ambirimbiri adziwe kuti kona iliyonse ili ndi mtengo wake wa malata.

Mbali yoyambira kuyala sisintha chiwerengero, koma imasintha ntchito ya lapu imene mwalipira. Kuyala kumayambira kugebulo imene ili kutali ndi kochokera mvula yamphepo, n'kumapita chokumana nayo, kuti mlomo wa lata lililonse ufulatire mphepo. Kochokera mvulayo kumasiyana malo ndi malo, makamaka kufupi ndi mapiri kapena nyanja. Yang'anani nyumba zakale za pafupi, khoma limene ladyeka kwambiri ndilo likuuzeni. Ndipo mndandanda wa m'munsi ndi umene umayamba, wa kumtunda n'kukwera pamwamba pake.

Kalipentala akakupatsani nambala ya malata, musakangane naye za kuchuluka kwake. Mufunseni kuti lata limodzi walipatsa masentimita angati m'lifupi likasanjikizidwa, kuchokera pansonga kufika kukhonde wapeza mamita angati, lapu ya kumapeto ndi yotalika bwanji ndipo igwera pa palini iti. Wodziwa ntchito amayankha ali chiimire, mwina kujambula pansi ndi msomali. Akayankha kuti nyumba ya zipinda zitatu imadya malata mwakuti, mupatseni tepi akwere kaye, ndalama zikadali m'thumba mwanu.